ZA CHUMA CHA PAKHOMO: Anankafumbwe a m'Buku la ku Banki

Nyengo ya msika ikafika, alimi ambiri a fodya amene amagulitsa ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu salandira ndalama pamanja ayi. Ndalama zawo zimapita ku banki, ndipo iwo amakatapa kumeneko. Momwemonso ena amene amagulitsa soya, mtedza ndi nandolo kudzera m'makalabu. Tsono pali dandaulo limodzi limene limamveka chaka ndi chaka m'midzi mwathu, lakuti, "Ndinasiya ndalama zakutizakuti, koma pobwerera ndapeza zaperewera." Ena amangoti banki yaba, ena amangokhala chete chifukwa cha manyazi. Onsewa alakwa, pakuti pali pepala limene limanena kumene tambala iliyonse yapita. Pepalalo dzina lake ndi sitetimenti, ndipo sabata ino tiphunzira kawerengedwe kake mzere ndi mzere.

Mlimi aliyense adziwa kuti chimanga m'nkhokwe sichitha ndi mbala yokha. Anankafumbwe sanyamula dengu, amangoboola njere imodziimodzi, ndipo mwini wake amadzazindikira atapeza ufa pansi. Ndalama zimene banki imadula zili chimodzimodzi. Pa tsiku limodzi nzochepa, koma pa chaka zimakwana kugula mbewu. Zina mwa izo nzoyenera, pakuti banki nayo imagwira ntchito yolipidwa. Zina mungathe kuzipewa. Zina nzolakwika ndithu, ndipo zimayenera kubwezedwa. Cholinga chowerengera sitetimenti ndicho kulekanitsa mitundu itatu imeneyi.

MADANGA ASANU A PEPALALO

Sitetimenti imalembedwa m'Chingerezi, koma musachite nayo mantha, chifukwa mawu ofunika kuwadziwa ndi owerengeka. Pepalalo lagawidwa m'madanga otsika kuchokera pamwamba. Danga loyamba, kumanzere, ndi la tsiku. Lachiwiri limafotokoza chimene chinachitika pa tsikulo. Kenaka pali madanga atatu a ndalama. Limene pamwamba pake palembedwa `Debit` ndi la ndalama zotuluka. Limene palembedwa `Credit` ndi la ndalama zolowa. Lotsiriza, kumanja kwenikweni, palembedwa `Balance`, ndipo limanena ndalama zimene zatsala mzere umenewo utachitika.

Apa ambiri amasokonezeka, chifukwa kusitolo mawu oti kirediti tinazolowera kuti ndi ngongole. Ku banki nayonso ndi ngongole, koma wangongoleyo si inu ayi. Mukasungitsa ndalama, banki ndiyo imakhala ndi ngongole kwa inu, kotero danga limenelo ndi lanu lokondwera nalo. Mabanki ena amalemba zilembo ziwiri pambali pa ndalama zotsala. Mukaona `CR`, ndalamazo ndi zanu. Koma mukaona `DR` pambali pa zotsala, kapena kamzere kochotsera patsogolo pa nambala, dziwani kuti zinthu zatembenuka: ndalama zanu zinatha, ndipo tsopano inu ndinu muli ndi ngongole ku banki.

Musanayambe kuwerenga, sonkhanitsani zinthu zinayi: sitetimentiyo, malisiti onse amene munalandira potapa kapena poika ndalama, pepala la ku okushoni, ndi pensulo. Pemphaninso ku banki mndandanda wa mitengo ya ntchito zawo, pakuti banki iliyonse ili nawo, ndipo popanda iwo simungadziwe ngati anadula moyenera. Kapepala kakang'ono kotuluka pa makina a `ATM` sikakwanira pa ntchito imeneyi, chifukwa kamangoonetsa mizere yochepa yotsiriza. Funsani sitetimenti ya mwezi wathunthu, ndipo funsaninso mtengo wake asanasindikize, popeza kawirikawiri kusindikizako nako kumalipiritsidwa.

MAFUNSO AWIRI PA MZERE ULIWONSE

Lamulo la kawerengedwe ndi ili. Ikani lula kapena kapepala pansi pa mzere woyamba kuti maso asadumphe, ndipo pa mzere uliwonse funsani mafunso awiri. Loyamba: kodi masamu akugwirizana? Tengani zotsala za mzere wa pamwamba, onjezani zolowa kapena chotsani zotuluka, ndipo yankho lifanane ndi zotsala za mzere umene mulipo. Lachiwiri: kodi mzere umenewu mwini wake ndani? Ngati munachita ndinu ndipo lisiti lilipo, chongani. Ngati ndi malipiro a banki amene akupezeka pa mndandanda wa mitengo, lembani kamtanda. Ngati simukuudziwa, uzungulizeni ndi pensulo. Musapitirire mzere musanauike chizindikiro.

Masiku ano masamu amachitidwa ndi makina, kotero funso loyamba silipeza cholakwa kawirikawiri. Phindu lake ndi lakuti limakukakamizani kuona mzere uliwonse, ndiponso limakudziwitsani ngati tsamba lina lasowa. Funso lachiwiri ndilo limagwira anankafumbwe.

CHITSANZO CHA MWEZI WA JUNI

Tiyerekeze mlimi wa fodya amene watenga sitetimenti ya mwezi wa Juni. Mitengo imene tiike pano ndi yongophunzirira chabe, si ya banki ina iliyonse. Yeniyeni mudzaiona pa mndandanda wa banki yanu.

M'mutu mwake mlimiyu akuwerenga motere. Mwezi unayamba ali ndi K42,000. Za fodya zinalowa K600,000. Anatapa K200,000 pa kauntala yolipira aganyu ndi kugula malata, anatapanso K50,000 pa makina, ndipo K120,000 inapita ku ngongole ya feteleza. Pamenepo payenera kutsala K272,000. Koma pansi pa pepala palembedwa K264,800. Yaperewera K7,200. Tiyeni tiifune.

Mzere woyamba ndi wa zotsala za mwezi wapita, K42,000. Iye ayang'ane pansi pa sitetimenti ya Meyi, ngati ali nayo, aone kuti nambala ziwirizi zafanana. Zikasiyana, ndiye kuti pali masiku ena pakati amene sanasindikizidwe.

Pa 3 Juni palowa K600,000, ndipo zotsala zafika K642,000. Apa atenge pepala la ku okushoni. Chenjerani: nambala yofananitsa nayo si ya pamwamba, ya mtengo wa mabelo onse, koma ya pansi, itachotsedwa misonkho ndi zina zonse zodulidwa ku msika. Zodulidwa ku msika sizioneka pa sitetimenti, pakuti zinachotsedwa ndalama zisanafike ku banki. Ndiponso fodya amagulitsidwa m'madola a ku Amereka, kotero nkwabwino kufunsa kuti dola imodzi anaisintha pa makwacha angati tsiku limenelo. Alimi ambiri amakakalipira kalaliki wa ku banki pa ndalama zimene zinadulidwa ku okushoni.

Pa 5 Juni patuluka K200,000. Lisiti lilipo, achonge. Koma pansi pake pomwepo, tsiku lomwelo, pali kamzere kena ka K1,500, ndipo m'danga lofotokoza muli liwu loti `Fee` kapena `Charge`. Mawu awiri amenewa muwasunge pamtima, chifukwa onse atanthauza malipiro a banki. Ameneyu ndiye nankafumbwe woyamba: mtengo wotapira ndalama pa kauntala. Aone pa mndandanda. Ngati palembedwa K1,500, alembe kamtanda. Zotsala tsopano ndi K440,500.

TSIKU LIMENE MAKINA ANAKANA

Pa 10 Juni pali mizere inayi pamene iye amayembekezera iwiri. Patuluka K50,000 ndi malipiro ake a K500, kenaka patulukanso K50,000 ina ndi K500 ina. Zotsala zatsika kufika K339,500. Mlimiyu akumbuka kuti tsiku limenelo makina analira koma sanatulutse kanthu, ndipo anayesanso kachiwiri, ndalama nkutuluka. Tsono banki yalemba ngati anatapa kawiri.

Asafulumire kupsa mtima, atsike ndi chala masiku otsatira. Pa 12 Juni m'danga la zolowa muli K50,000, ndipo pambali pake palembedwa `Reversal`, ndiko kunena kuti banki yabweza chimene inachotsa molakwa. Zotsala zakwera kufika K389,500. Ambiri akaona chotere amapuma mpweya wabwino nkupitirira. Koma taonani: K50,000 yabwerera, nanga K500 imene anadula pa ntchito yosachitikayo ili kuti? Siinabwerere. Umenewu ndi mzere woyamba kuuzunguliza. Lamulo lake nali: paliponse pamene banki yabweza ndalama, funani ngati malipiro ake abwereranso. Ndipo ngati kubwezako sikukuoneka konse patapita masiku angapo, musadikire mwezi wina, pitani msanga.

Kumbukiraninso kuti tsiku la pa sitetimenti nthawi zina limasiyana ndi la pa lisiti. Chimene munachita Loweruka madzulo kapena Lamulungu chingathe kulembedwa Lolemba. Kotero fananitsani kuchuluka kwa ndalama poyamba, tsiku pambuyo, kuti mungaganize kuti pali kutapa kwachilendo pamene kuli kwanu komwe.

Pa 15 Juni patuluka K120,000 ya ngongole ya feteleza. Iye anasainira kuti izichotsedwa yokha, kotero achonge, atafananitsa ndi pepala la mgwirizano wa ngongoleyo. Zotsala ndi K269,500. Pa ngongole zotere werengani kuti mwabweza kangati, ndipo ngongole ikatha muonetsetse kuti mwezi wotsatira mzerewo wasowa. Ngati tsiku lochotsa lafika m'akaunti mulibe ndalama zokwana, mabanki ambiri amadula chindapusa chapadera, ngakhale ngongoleyo siinabwezedwe.

TIMIZERE TING'ONOTING'ONO

Pakati pa 16 ndi 24 Juni pali timizere tisanu ndi kamodzi tofanana, kalikonse K100. Mlimiyu sakumbuka kuti anagula kanthu. Koma akaganiza bwino, masiku amenewo ankayembekezera ndalama za mabelo ena, ndipo m'mawa uliwonse ankatuma mwana kuti aone pa foni ngati zalowa. Kufunsa kulikonse kunali ndi mtengo wake. Zonse pamodzi ndi K600, ndipo zotsala ndi K268,900. Banki siinalakwe apa, pakuti mtengowo uli pa mndandanda. Amenewa ndi malipiro otha kupewedwa, ndipo mankhwala ake ali m'manja mwa mwini.

Pa 25 Juni patuluka K2,500, ndipo mawu a pambali pake ndi odulidwadulidwa osamveka. Lisiti palibe, pa mndandanda wa mitengo palibenso. Uwu ndi mzere wachiwiri kuuzunguliza. Zotsala ndi K266,400. Njira yodziwira mtundu wa mzere wotere ndiyo kuyang'ana miyezi ya m'mbuyo. Ukapezeka mwezi uliwonse, pa tsiku lofanana, ndi ndalama zofanana, ndiye kuti ndi chinthu chimene chinalembetsedwa kuti chizichotsedwa chokha. Tinene kuti atafunsa, mlimiyu wauzidwa kuti ndi inshulansi ya maliro, ndipo amuonetsa pepala limene anasaina tsiku lotsegula akaunti, pakati pa mapepala ena ambiri amene sanawerenge. Tsono ali ndi ufulu wosankha: ngati inshulansiyo aifuna, apemphe chikalata chake kuti banja lidziwe kokatenga thandizo pakagwa zovuta, ngati saifuna, alembe kalata yoiletsa. Koma ngati banki yalephera kuonetsa pepala losainidwa, apemphe kuti ndalama za miyezi yonse zibwezedwe.

Pa 30 Juni, tsiku lotsiriza la mwezi, ndi pamene malipiro okhazikika amasonkhana. Patuluka K1,200 ya kusunga akaunti, imene imadulidwa mwezi ndi mwezi ngakhale musanapondeko ku banki. Patulukanso K800 ya mauthenga a pa foni, olembedwa `SMS`. Zotsala ndi K264,400. Potsiriza palowa K400, chiwongola dzanja chimene banki yapereka chifukwa chosunga ndalama zake, ndipo pepala litseka pa K264,800.

Pa sitetimenti zina mudzaona kamzere kena kakang'ono kotsata malipiro, kolembedwa `VAT`. Umenewu ndi msonkho wa Boma, si ndalama ya banki. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti msonkhowu uzilipidwa pa ntchito zina za mabanki, ndipo pa nthawiyo unali K16.50 pa K100 iliyonse. Chofunika kudziwa nchakuti msonkhowu umawerengedwa pa malipiro a banki okha, osati pa ndalama zimene mwatapa. Kotero kamzere kameneka kayenera kukhala kochepa koposa malipiro amene kakutsata. M'chitsanzo chathu tauphatikiza kale m'mitengo kuti masamu asachuluke.

KUWONKHETSA

Tsopano mlimiyu atenge kope alembe mizere yonse ya kamtanda ndi yozungulizidwa:

Kutapa pa kauntala, K1,500
Kutapa pa makina, K500
Makina atakana, K500
Kufunsa pa foni, K600
Inshulansi, K2,500
Kusunga akaunti, K1,200
Mauthenga, K800

Zonse pamodzi ndi K7,600. Tikachotsapo K400 ya chiwongola dzanja, patsala K7,200, imene ndiyo inaperewera ija, osatsala ndi tambala yomwe. Umu ndi mmene mudziwira kuti ntchito mwaimaliza: zimene mwapeza zifanane ndi zimene zinasowa. Zikapanda kufanana, pali mzere umene mwaudumpha, ndipo muyambirenso pamwamba.

Koma phunziro lalikulu silili m'mwezi wa Juni ayi. Taonani mizere itatu yobwera mwezi ndi mwezi: inshulansi, kusunga akaunti ndi mauthenga. Pamodzi ndi K4,500 pa mwezi, ndipo pa chaka ndi K54,000. M'nyengo ya msika, ndalama zili zambiri, K4,500 siioneka. Koma mlimi amalandira kamodzi pa chaka, pamene malipirowa sadziwa dzinja kapena malimwe. Ngati msika utatha mlimiyu asiya K42,000 kuti idzamuthandize pa nthawi ya njala, nkusapitako, pomafika mwezi wachikhumi ndalamayo idzakhala itatha yonse asanatapeko. Pa maakaunti ena kudulako kumapitirira ndithu, zotsala nkukhala ndi `DR`, kotero kuti ndalama za fodya wa chaka chamawa zikangolowa, banki iyamba yatenga zake. Apa ndi pamene pachokera dandaulo lija. Chifukwa chake funsani ku banki ngati pali mtundu wa akaunti wa malipiro ochepa woyenera munthu wolandira kamodzi pa chaka, ndiponso ngati pali ndalama imene iyenera kutsalamo nthawi zonse, ndi chimene chichitika mukatsika pansi pake.

KUKAFUNSA KU BANKI

Safunsa anadya phula. Mizere yozungulizidwa mupite nayo ku nthambi ya banki yanu mutanyamula sitetimenti, malisiti ndi chitupa chanu. Musakangonena kuti, "Ndalama zanga zasowa," pakuti kalaliki sadziwa poyambira. Lozani chala pa mzere nkunena kuti, "Pepani bambo, pa 10 Juni makina sanandipatse ndalama. K50,000 munabweza pa 12, koma K500 iyi simunabweze. Ndithandizeni." Mawu otere, okhala ndi tsiku ndi nambala, ndiwo amayankhidwa msanga.

Ngati nkhaniyo siitha pomwepo, pemphani kuti dandaulo lanu lilembedwe, ndipo inu mutsale ndi pepala lofanana nalo lokhala ndi tsiku ndi chidindo. Funsani kuti yankho mudzalimva liti. Kalaliki akalephera, pemphani kuonana ndi manijala wa nthambiyo. Banki ikapanda kukuthandizani konse, mungathe kukadandaula ku Banki Yaikulu ya dziko lino, imene imayang'anira mabanki onse ndipo imalandira madandaulo a anthu osungitsa ndalama. Kumeneko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku banki yanu, ndipo ndicho chifukwa chake mapepala aja muyenera kuwasunga. Akalonjeza kubweza, musakhutire ndi mawu a pakamwa. Yang'anani sitetimenti yotsatira m'danga la zolowa.

Kwa amene maso anafooka kapena sanapite patali ndi sukulu, palibe chochititsa manyazi kuitana mwana wa sukulu, mlangizi kapena mlembi wa kalabu kuti awerenge mokweza, inu mukuyankha kuti mzere uwu ndaudziwa, uwu sindiudziwa. Wowerenga adziwa zilembo, koma wodziwa chimene chinachitika pa 10 Juni ndinu. Ndipo bambo ndi mayi akhale pamodzi powerenga, pakuti mzere umene wina waiwala, mnzake aukumbuka. Chinthu chimodzi chokha musapereke kwa wokuthandizani: nambala yachinsinsi ya khadi kapena ya pa foni. Kuwerenga sitetimenti sikufuna nambala imeneyo, ndipo aliyense woifunsa, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku banki, mumkanize.

Tengani sitetimenti kawiri pa chaka ngati mwezi ndi mwezi nkosatheka: koyamba ndalama za msika zitangotha kulowa, kachiwiri mvula isanayambe, pamene mukukonzeka kugula feteleza. Mapepalawo muwasunge pamodzi ndi a ku okushoni m'thumba la pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi chinyezi. Sabata ya mawa tidzaona kawerengedwe ka pepala la ku okushoni lija, ndi zodulidwa zake.